Andipeza ndi chindoko ku sikelo koma sindikudwala, jakisoni wachiwiri ndikabayitse?

Woyembekezera Koyamba: Anzanga ndithandizeni maganizo chonde, usiku sindikugona. Lachiwiri sabata yatha ndinakayamba sikelo, mimba ya masabata 14, ananditenga magazi pachala nde patapita mwina mphindi 20 anesi anandiitanira kuchipinda nkundiuza kuti HIV ndilibe koma andipeza ndi chindoko. Ine ndinangoti kakasi chifukwa sindikumva kuwawa paliponse, kumusi kulibe chilonda, ndikudya bwino, ntchito ndikugwira. Anandibaya jakisoni tsiku lomwelo matako onse awiri, wowawa koopsa, nkulemba m'buku kuti ndibwerenso Lachiwiri lotsatira ndi linzake. Koma usiku wake thupi linatentha, ndinkanjenjemera, mutu ngati ung'ambika, m'mawa zinatha zokha. Ndiye dzulo linali tsiku langa la jakisoni wachiwiri koma sindinapite, ndikuopa kuti mankhwalawa andichotsera mimba. Abambo akunyumbanso akukana kukayezetsa, akuti iwo ali bwinobwino. Kodi ndingodikira ndibereke kaye kenako ndidzamalize?

Make Mapasa: Pepani sisi. Koma ine ndikudziwa kuti jakisoni wa chindoko ndi mmodzi basi, mng'ono wanga anabayidwa kamodzi mwana anabadwa wabwinobwino. Mwina anesiwo angolemba mwachizolowezi. Mwalandira kale mmodziyo mtima pansi.

Chemwali Wamkulu: Mafinya akutuluka? Pokodza pakuotcha? Ngati ayi ndiye makina awo alakwitsa, matenda amenewo sabisika, mwamuna masiku atatu okha amakhala wayamba kale kuyenda motangadza.

Mzamba Wakale: Achemwali, chimene mukunenacho ndi chinzonono, ndi matenda ena. Chindoko ndiye katswiri wobisala.

Mwana wanga woyembekezera, ndiyambe ndi chachangu zina ndifotokoza pambuyo. Mawa m'mawa pita ukabayitse, osadikira tsiku la sikelo, osadikira kuti abambo avomere. Lero ndi tsiku la 8 kuchokera pa jakisoni woyamba, mawa la 9. Majakisoni atatuwa amayenera kutalikirana masiku 7, ndipo ukachedwa kwambiri amayambiranso pa woyamba ngati kuti sunabayidwepo. Malire ake amasiyana, kwina kwa mayi wapakati amati masiku akapitirira 9 yambiraninso, kwina amalola mpaka 14, nde iwe usayese mwayi. Uwauze zoona kuti dzulo sunabwere chifukwa unachita mantha ndi kutentha thupi kuja, iwo aona chochita.

Woyembekezera Koyamba: Amayi zikomo, koma kutentha thupiko nanga? Mesa ndiye kuti mankhwalawo sakundiyanja?

Mzamba Wakale: Ndikufunse kaye. Unatuluka zidzolo zoyabwa thupi lonse? Milomo, zikope kapena lilime zinatupa? Unabanika, kupuma movutikira?

Woyembekezera Koyamba: Ayi zonsezo panalibe. Kungotentha thupi, kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi. Zinayamba chamadzulo ine nditabayidwa cham'ma 10 m'mawa.

Mzamba Wakale: Mmene wafotokozeramu sizikumveka ngati thupi lokana penisilini. Munthu amene penisilini samuyanja zoopsazo kawirikawiri zimabwera msanga, mphindi zochepa chabe, kutupa, zidzolo zoyabwa, kubanika, nchifukwa chake ukabayidwa amakuuza kuti ukhale kaye pabenchi usanapite. Zako zija zimachitika kwa anthu ena pa jakisoni woyamba, mkati mwa maola 24. Mankhwala akapha tizilombo tambiri nthawi imodzi thupi limadzidzimuka ndi zotsalira zake, nde limatentha, mutu, kuphwanya, kenako zimazilala zokha mkati mwa tsiku limodzi. Pa wachiwiri nthawi zambiri sizibweranso chifukwa tizilombo tambiri tinafa kale. Komabe ine ndikungomva pafoni, mawa uwafotokozere anesi chimodzimodzi mmene wandiuzira ine.

Ndisakubisire, kudzidzimuka kumeneku kwa mayi amene mimba yadutsa theka kumatha kuyambitsa kupweteka ngati matenda ayamba, kapena mwana kuchepetsa kugunda. Wotere timamuuza kuti akamva zimenezo athamangire kuchipatala. Koma ngakhale iyeyo sitimumana jakisoni, chifukwa kusiya chindoko m'magazi ndi koopsa kwa mwana kuposa usiku umodzi wa kutentha thupi. Iwe uli pa masabata 15 tsopano, wapezeka nthawi yabwino kwambiri, ambiri ndinkawalandira mimba ili ndi miyezi 7.

Make Mapasa: Nanga mng'ono wanga anabayidwa kamodzi bwanji amayi? Ndiye kuti anamunamiza?

Mzamba Wakale: Ayi sanamunamize, inunso mwanena zoona mbali imodzi. Mankhwala ake ndi benzathini penisilini, mayunitsi 2.4 miliyoni pa ulendo umodzi, ndi wolimba ngati phala nchifukwa chake ena amaugawa theka mbali iyi theka mbali inayo. Ngati zikudziwika kuti matendawa ndi atsopano, mwina chilonda chikuoneka, kapena munthu anayezetsa posachedwa analibe lero ali nacho, jakisoni mmodzi amakwana. Koma ngati palibe akudziwa kuti chinalowa liti, ngati mwana wathuyu amene alibe chizindikiro chilichonse ndipo aka nkoyamba kuyezedwa, timachitenga ngati chakale, nde majakisoni atatu sabata ndi sabata. Chindoko chokhalitsa tizilombo take timaswana pang'onopang'ono, mankhwala amafunika akhale m'magazi nthawi yaitali kuti atipeze tonse. Jakisoni woyamba uja wayamba kale kuteteza mwana, enawo ndi oti mayi achiriretu. Pali malo ena amene amabaya kamodzi aliyense wopezeka nacho pa kuyeza kwa pachala, malangizo amasiyana, koma iye amulembera atatu ndiye atsate atatuwo.

Mayi wa Atatu: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndalephera kupirira. Mng'ono wanga, pita mawa, ndikukupempha. Ine mimba yanga yoyamba sikelo ndinayamba mochedwa miyezi 6 itakwana, tsiku limenelo anati zoyezera chindoko zatha mudzabwerenso, ine osabwereranso kukafunsa chifukwa ndinkaona ngati nzosafunika poti ndinali wathanzi. Mwezi wa 8 mwana anangosiya kugunda. Ndinamwa madzi ozizira, ndinagona chammbali, ndinagwedeza mimba ndi manja, zii. Ndinabereka mwana wakufa kale, khungu likusupuka, ndinamuona ndi maso angawa anesi asanamufunditse. Palibe anandiuza chifukwa chake. Yachiwiri mwana anabadwa masiku osakwana, kamimba kotupa, m'mphuno mukungotuluka mamina osatha mpaka kulephera kuyamwa, tizikhatho ndi kumapazi kukusendeka ngati wapsa ndi madzi otentha. Apo mpamene dokotala wina anati tiyezeni mayiyu chindoko. Chinapezeka. Mwanayo anakhala m'chipatala masiku 10 akulandira penisilini, anachira, pano ndi mnyamata wamkulu ali kusukulu ngakhale khutu limodzi samva bwino. Ine ndi bambo ake tinabayidwa tonse atatu atatu, ana awiri otsatira anabadwa opanda vuto. Mpaka lero ndikaganiza kuti woyamba uja chinamupha ndi chinthu choti jakisoni akanathana nacho mtima umandiwawa. Ndipo nthawi yonseyo ine sindinadwalepo olo tsiku limodzi.

Woyembekezera Koyamba: Mayo achemwali pepani kwambiri, misozi ikungotsika. Koma ndithandizeni kumvetsa, zingatheke bwanji munthu kukhala ndi matenda oopsa chonchi osadziwa?

Mzamba Wakale: Pepani mayi wa atatu, ndipo zikomo poyankhula, nkhani ngati yanuyi ambiri amafa nayo mumtima.

Chindoko chimayenda chonchi. Chikalowa, pakapita masabata ngati atatu pamatuluka kachilonda kamodzi pamalo pamene chinalowera, kozungulira, kolimba m'mbali, kosawawa. Kwa mwamuna mwina akaona, koma kwa mkazi nthawi zambiri kamakhala mkati kapena pakhomo la chiberekero, ungakaone bwanji? Pakatha masabata atatu mpaka 6 kamapola kokha popanda mankhwala, munthu nkumati ndachira. Pambuyo pake ena amatuluka timadontho pathupi, makamaka m'zikhatho ndi kumapazi, tosayabwa kwenikweni, mwina ndi kutentha thupi pang'ono ndi mwanabele, anthu amangoti ndi sopo kapena malungo. Nazonso zimatha zokha. Kenako zii, zaka, munthu wonenepa wosalala koma tizilombo tili m'magazi.

Tsono mwana ali m'mimba amadya kudzera mu nsengwa, ndipo tizilombo ta chindoko timadutsa pa nsengwa pomwepo nkulowa mwa mwana. Titha kudutsa nthawi ina iliyonse ya mimba, koma kuononga kwakukulu kumaoneka mimba ikamakula, kuyambira chapakati kupita kumapeto. Nsengwayo imatupa, magazi opita kwa mwana amachepa, chiwindi ndi kapamba wa mwana zimatupa, magazi ake amachepa, mafupa amagwidwa. Pa amayi amene ali nacho osalandira mankhwala, oposa theka mimba imathera poipa, kupita padera, mwana kufera m'mimba, kubadwa masiku osakwana, kumwalira atangobadwa kapena kubadwa ndi matendawa. Chosangalatsa nchoti penisilini nayenso amadutsa pa nsengwa yomweyo, nde jakisoni amene wabayidwa iwe akuchiza anthu awiri. Koma mankhwala amapha tizilombo basi, sabweza chimene chaonongeka kale. Ukabayidwa pa masabata 14 umakhala watseka chitseko mbala isanasese m'nyumba. Ukabayidwa patatsala sabata imodzi kuti ubereke, timamutenga mwanayo ngati sanatetezedwe. Lamulo lake ndi loti mankhwala ayambe patatsala masiku osachepera 30 kuti mwana abadwe. Ndiye zoti udikire ubereke kaye, iyayi mwana wanga, pamenepo ndiye ungamutaye.

Chemwali Wamkulu: Chabwino ndamva, ndinasokoneza ndi chinzonono. Koma ngati jakisoni akumuopa bwanji osangomwa makapusozi? Aneba anga anawapatsa a masabata awiri anachira.

Mzamba Wakale: Amenewo ayenera kuti anali dokisisaikilini, amagwira kwa munthu amene sali woyembekezera, koma wapakati sitimupatsa chifukwa cha mano ndi mafupa a mwana. Alipo ena ngati erithiromaisini amene mayi atha kumwa, koma sadutsa bwino pa nsengwa, mayi atha kupeza bwino mwana nkutsala ndi matenda, nde mwana wotero akangobadwa amafunika alandire mankhwala ake. Amene penisilini samuyanjadi zenizeni adokotala ndi amene amaona njira, kwina amamuzoloweretsa penisiliniyo pang'onopang'ono ali m'chipatala, kwina amapereka jakisoni wina wa tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 kapena kuposa. Zogula nokha ayi chonde.

Bambo wa Ana Awiri: Ndilowererepo ngati mwamuna. Mlongo wanga, amuna anuwo sikuti akukana chifukwa ali bwino, akuopa mlandu. Akuganiza kuti akakapezeka nacho ndiye kuti avomera kuti ndi iwo anabweretsa. Ine akazi anga atabwera ndi kapepala koti ndipite kuchipatala ndinakwiya masiku awiri, ndinafika powafunsa kuti iwe wachitenga kuti. Pano ndimachita manyazi ndikakumbuka. Chimene chinandisintha ndi mawu a anesi, anati bambo sitikuzenga mlandu pano, matendawa atha kukhala mwa munthu zaka zambiri, mwina mmodzi wa inu anali nawo musanakumane nkomwe, ndipo magazi sanena kuti anayamba ndani. Nde musawayambe ndi zoti munayenda ndi ndani, muwauze kuti ndi za mwana.

Mayi wa Atatu: Achimwene mwanena bwino koma tisabise, ena amabweretsadi ali m'banja momwemo. Mkazi ali ndi ufulu wofunsa.

Bambo wa Ana Awiri: Zoona mayi sindikukana. Ndikungoti jakisoni ayambe, mafunso abwere pambuyo, chifukwa mukayamba ndi mafunso munthu sapita.

Mzamba Wakale: Za m'banjazo sindingaweruze, mbali yanga ndi iyi. Chindoko sichisiya chitetezo m'thupi, ukachira utha kuchitenganso mawa lomwe. Mayi atha kumaliza majakisoni onse atatu pa masabata 17, koma ngati bambo ali nacho chopatsirana ndipo sanalandire mankhwala, amupatsiranso pa mwezi wa 7, ndipo chindoko chatsopano ndi chimene chimadutsa kwa mwana mosavuta kuposa chakale. Ndinaziona zimenezi, m'buku mwalembedwa bwinobwino kuti analandira, mwana nkubadwa wodwala. Nde mpaka onse awiri mutamaliza mankhwala nkudutsa masiku 7, muyambe mwadikira kapena kondomu. Ndipo bambo akayezedwa nkupezeka alibe, nthawi zambiri amabayidwabe, chifukwa ngati chalowa posachedwa magazi amatha kusaonetsa kwa masabata angapo. Mwana wanga, ngati ukuopa kuti kunyumba kungabuke nkhanza pa nkhaniyi uwauze anesi mawa, asakukakamize kukanena wekha.

Wa Mimba Yachitatu: Ine funso langa ndi losiyana pang'ono. Mimba yapitayi anandipeza nacho ndinabayidwa katatu, amuna anganso. Pano ndili ndi ina miyezi itatu, andiyeza pachala mizere iwiri yatulukanso! Ndiye mankhwalawa amagwiradi ntchito? Kapena bambowa ayambiranso zawo?

Mzamba Wakale: Musathamangire kumanga katundu mayi. Kuyeza kwa pachala kuja sikuona tizilombo, kumaona asilikali amene thupi linapanga polimbana nato, ndipo asilikali amenewo kwa anthu ambiri amakhala moyo wonse ngakhale munthu atachira. Kuli ngati chipsera, chimangonena kuti apa panali bala. Chimene chimasiyanitsa ndi kuyeza kwina kwa ku labu, m'buku amalemba RPR kapena VDRL, kumene kumatuluka ndi nambala. Tinene kuti nthawi ija inali 1:32, mutalandira mankhwala nkutsika kufika 1:8 kapena 1:4, ndiye kuti anagwira. Ngati lero ili pomwepo kapena yatsikanso, ndi chipsera chabe. Koma ngati inafika 1:4 lero yakwera kufika 1:16, chalowanso. Tengani buku lakale lija mupite nalo. Kumene kulibe labu yotere, kapena palibe umboni wolembedwa woti munalandira, ambiri amangobayanso, ndipo ine ndimagwirizana nazo, kubayidwa kowonjezera sikupweteka mwana.

Wa Mimba Yachitatu: Buku lakale linanyowa ndi mvula ndinataya, ndipo sindikukumbuka kuti anandiyezapo za manambalazo. Ndiye sindidziwa ngati ndi chakale kapena chatsopano eti?

Mzamba Wakale: Mwina simudziwa ndithu. Nambala imodzi ya lero payokha siinena zonse popanda yakale yoyerekezera. Landirani mankhwala, bambonso apite.

Make Mapasa: Amayi poti muli pano, magazi amene amatitenga ku sikelo aja amayeza chindoko ndi HIV basi? Ine amangondibaya sindifunsa.

Mzamba Wakale: Muzifunsa, ndi magazi anu. Zimatengera chipatala ndi zipangizo zimene zilipo, koma matenda atatu amene timafuna kuwatsekereza kuti asapite kwa mwana ndi HIV, chindoko ndi hepataitisi B, matenda a chiwindi aja. Pena HIV ndi chindoko amayezera pa kachipangizo kamodzi dontho limodzi. HIV ikapezeka mayi amayamba ma ARV nthawi yomweyo, chifukwa pamatenga masabata kapena miyezi kuti kachilombo kachepe m'magazi mpaka kosaoneka, ndipo pofika tsiku lobereka ndi poyamwitsa timafuna katakhala katagona kale. Hepataitisi B ndi wina wosaonetsa zizindikiro, iyeyu amapita kwa mwana makamaka pobadwa, ndipo khanda likautenga, pa 10 alionse pafupifupi 9 amakhala nawo moyo wonse, chiwindi nkudzavuta atakula. Chotchinga chake ndi katemera mkati mwa maola 24 mwana atabadwa, ndipo mayi amene ali ndi kachilombo kochuluka amapatsidwa mapiritsi a tenofoviya mimba isanafike kumapeto. Mkodzonso amayeza, chifukwa tizilombo ta m'chikhodzodzo titha kukhalapo osamva kuotcha, kenako nkukwera ku impso kapena kuyambitsa matenda masiku asanakwane. Ndipo kuyezedwa kamodzi koyambirira sikutanthauza kuti mwatha, amene anapezeka alibe ndi bwino kuyezedwanso miyezi yomaliza.

Woyembekezera Koyamba: Amayi ndabwerako. Ndinafika m'mamawa ndinawauza zonse, sanandikalipire, anawerenga masiku nkunena kuti tipitirize osayambiranso. Andibaya, ndinakhala pabenchi theka la ola palibe chachitika, mpaka pano thupi silinatenthe koma thako ndiye likuwawa kukhala pansi ndi mbali imodzi. Wachitatu andilembera Lachinayi likubwerali. Funso lina, mwana akadzabadwa adzamubayanso? Nanga kuyamwitsa?

Mzamba Wakale: Wachita bwino mwana wanga. Pamalo pobayidwapo ika kansalu kofunda ndipo uziyendayenda. Kuyamwitsa udzayamwitsa, chindoko sichidutsa mu mkaka, pokhapokha pabere patakhala chilonda chake. Tsiku lochira udzanene wekha kwa azamba kuti ndinapezeka ndi chindoko ndinalandira majakisoni atatu masiku akuti, usadalire kuti aona m'buku, usiku ku leba anthu amakhala otanganidwa. Mwana adzamuyang'ana khungu, mphuno, mimba, chikasu, ndi mmene akugwedezera manja ndi miyendo, chifukwa wogwidwa mafupa amasiya kugwedeza dzanja ndipo amalira ukamugwira. Akakhala bwinobwino malo ambiri amamubayabe kamodzi kongotsimikiza, mayunitsi 50,000 pa kilogalamu iliyonse, nde wa makilogalamu atatu ndi 150,000, kadontho poyerekeza ndi wako. Kwina mayi akakhala kuti analandira mokwanira ndi msanga amangomuyang'anira. Akaoneka ndi zizindikiro ndi pamene amagonekedwa masiku 10 kapena kuposerapo. Ndipo ana ambiri obadwa nacho amaoneka abwinobwino tsiku loyamba, zizindikiro nkudzabwera patapita masabata, choncho masiku amene adzakupatse obwera naye usadzaphonye.

Mayi wa Atatu: Mtima wanga wakhala pansi. Nanga bambo aja?

Woyembekezera Koyamba: Ndawapatsa kapepala kochokera kwa anesi ndipo ndayankhula mmene ananenera achimwene aja, kuti ndi za mwana. Sanakalipe ulendo uno, angokapinda nkuika m'thumba la malaya, akuti aona Loweruka ngati kuntchito awamasule. Za kondomu ndiye sanayankhe kanthu. Kaya apita kaya sapita, ine Lachinayi ndikupita.

Bambo wa Ana Awiri: Mufunse kaye ngati Loweruka amabaya, asakapeze potseka nkupezerapo chifukwa. Ngati satsegula muwapemphe mupitire limodzi Lachinayi lomwelo.